Kodi Mphamvu ya Dizilo Imapita Kuti m'Cigayo?

Aliyense amene anaimapo pamzere wa kucigayo adziwa kuti injini imatentha, paipi ya utsi imaocha, ndipo unga umatuluka wofunda. Kutentha kumeneku ndi mphamvu ya dizilo imene yathawa isanagaye cimanga. Ana a sukulu za sekondale amapatsidwa nchito yowerengera mphamvu yotayikayi pa phunziro la fizikisi.

Lamulo lake ndi lakuti mphamvu siipangidwa ndipo siitha, imangosintha maonekedwe. Dizilo ikapsa mu injini imasanduka kutentha. Mbali ina ya kutenthako ndiyo imakankha pisitoni ndi kuzunguza gudumu, ndipo lamba amapereka mphamvuyo ku nyundo za cigayo. Yotsala imacoka ndi utsi, ndi madzi kapena mphepo yoziziritsa injini, ndiponso pa kukhulana kwa zitsulo.

Mphamvu imayesedwa m'majulo. Lita imodzi ya dizilo ili ndi majulo pafupifupi mamiliyoni 36. Mwacitsanzo, funso linganene kuti injini imamwa malita 2 pa ola limodzi, ndipo gudumu lake limapereka mawati 5,000. Mphamvu yolowa ndi majulo mamiliyoni 72.

Tsono wati imodzi ndi julo imodzi pa sekondi iliyonse, ndipo ola lili ndi masekondi 3,600. Poculukitsa 5,000 ndi 3,600 pamapezeka majulo mamiliyoni 18. Iyi ndiyo mphamvu yogwira nchito.

Kuti adziwe kagwiridwe ka injini, wophunzira amagawa mphamvu yogwira nchito ndi mphamvu yolowa, naculukitsa ndi 100:

18 ÷ 72 × 100 = 25%

Ndiye kuti majulo mamiliyoni 54 apita monga kutentha. Pa malita anai alionse amene mwini cigayo wagula, imodzi yokha ndiyo yazunguza gudumu.

Kutayika sikuthera pomwepo. Ngati lamba apereka 90 peresenti ya mphamvu imene walandira, ku nyundo kumafika majulo mamiliyoni 16.2, ndipo kagwiridwe ka makina onse pamodzi kamatsika kufika pa 22.5 peresenti.

Ophunzira ambiri amapunthwa poiwala kusandutsa ola kukhala masekondi, kapena poika nambala yaikulu pamwamba pogawa. Yankho likapitirira 100 peresenti, pali colakwa ndithu, pakuti palibe makina opereka mphamvu yoposa imene alandira.

Palibenso injini yopsereza mafuta imene ingafike pa 100 peresenti, cifukwa kutentha kwina kuyenera kutuluka kuti injiniyo ipitirize kuyenda. Komabe kutayika kwina kungapewedwe. Utsi wakuda uonetsa kuti dizilo siikupsa yonse, lamba wotentha ndi wolira akuterereka, ndipo unga wotentha kwambiri kawirikawiri umacokera ku nyundo zakutha kapena sefa yotsekeka. Mwini cigayo wosasamala zizindikiro izi amagula dizilo yambiri pogaya matini omwewo a cimanga.