Kutuma mnzako ntchito m'Chifalansa

Pa ofesi ina ku Lyon, mayi woyang'anira malonda akufuna mnzake amukonzere lipoti. Akangonena kuti « dès que possible », kutanthauza msanga mmene kungathekere, lipotilo likhoza kufika sabata yamawa, ndipo wolakwa sangaoneke. N'chifukwa chake amatchula tsiku ndi ola: « Pourriez-vous me préparer le rapport pour jeudi, 15 h ? » Mawu akuti « pourriez-vous » ndi aulemu, ngati "mungandikonzereko" wathu. Kwa mnzake amene anazolowerana naye anganene « pourrais-tu ».

Koma samalani ndi « jeudi prochain ». Mukawanena Lolemba, wina amamva Lachinayi likubwerali, wina la sabata yamawa. Onjezani deti basi. Afalansa amawerenganso maola mpaka 24, choncho 15 h ndi 3 koloko masana.

Kenako mayiyo amanena chimene akuyembekezera: « deux pages, avec les chiffres de mars », masamba awiri okhala ndi ziwerengero za mwezi wa Marichi. Akapanda kutero, alandira masamba khumi oti ayambe kudula yekha.

Pa za thandizo, « n'hésitez pas » amangomveka ngati mwambo chabe. Bola kunena kuti « je suis disponible mardi matin », ndilipo Lachiwiri m'mawa, n'kumuuzanso amene akusunga ziwerengerozo.