"Nambala 17 ndi yanga!": Kukonzekera laivu yogulitsira kaunjika

Wogulitsa kaunjika pamsika wa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Limbe amayang'anana ndi kasitomala maso ndi maso. Kasitomala agwira dilesi, aliyeza pachifuwa, anenerera mtengo, apereka ndalama, basi nkhani yatha. Pa laivu ya Facebook zinthu sizili choncho. Anthu makumi asanu akhoza kuona dilesi limodzi nthawi imodzi, atatu n'kulemba kuti "langa", koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wapereka tambala. Malonda a pa laivu amapindula kapena kugwa pakati pa mawu akuti "langa" ndi ndalama yolowa mu foni, ndipo kukonzekera konse kuyenera kuloza pamenepo.

Tiyerekeze mayi amene watsegula belo la madilesi ndipo akufuna kugulitsa kwa ola limodzi. Asatenge belo lonse. Dilesi limodzi limadya pafupifupi mphindi imodzi ndi theka kuti alitambasule, aonetse kutsogolo ndi kumbuyo, atchule saizi ndi mtengo, kenako adikire mayankho. Madilesi 30 ndiye kuti mphindi 45. Mphindi zisanu zoyambirira ndi zodikira anthu kuti alowe, ndipo khumi zomalizira ndi zobwereza amene sanapeze mwini. Ola lakwana.

Madilesi 30 amenewa achapidwe, asitidwe, ndipo lililonse alimate kapepala ka nambala yolembedwa ndi cholembera chachikulu chakuda. Nambala zomwezo zilembedwe m'kope, iliyonse pamzere wake: saizi, muyeso wa pachifuwa ndi m'chiuno, mtengo, ndi malo awiri opanda kanthu, a dzina la woyamba kufunsa ndi la wachiwiri. Muyeso wa tepi ndi wofunika chifukwa zovala za m'belo zimachokera kumayiko osiyanasiyana, ndipo saizi 12 ya ku Britain si yofanana ndi saizi 12 ya ku America. Ngati pali pothimbirira kapena batani lothothoka, zilembedwenso kuti zidzanenedwe poyera. Chilema chimene wogula wachiona yekha pa kamera sichibweretsa mlandu, koma chimene wachipeza atalipira chimabwerera mu ndemanga za laivu yotsatira, anthu onse akuwerenga.

Za tsiku ndi nthawi, mayiyu ayang'ane matumba a makasitomala ake. Ngati ambiri ndi apantchito, masiku otsatira malipiro a kumapeto kwa mwezi amaposa apakati pa mwezi kutalitali, ndipo madzulo anthu ataweruka n'kudya ndi pamene amagwira foni mosathamanga. Alengeze kutatsala masiku atatu, akumbutse m'mawa wa tsikulo pa WhatsApp, aikepo zithunzi za madilesi awiri kapena atatu okongola kwambiri koma osatchula mtengo. Chachikulu ndi kusasinthasintha. Laivu ya Lachisanu lililonse 8 koloko madzulo imazolowereka ngati pulogalamu ya pa wailesi, pamene yongodzidzimukira imaonedwa ndi okhawo amene apezeka pa intaneti mwangozi.

Asanalengeze n'komwe, aone ngati tsamba lake likuloledwa kuulutsa. Facebook imafuna kuti akaunti ikhale itatha masiku 60 ndipo tsamba likhale ndi olitsatira osachepera 100. Akumbukirenso kuti kampaniyi inachotsa njira yake yapadera yogulira zinthu mkati mwa laivu mu 2022, choncho palibe batani limene lingamusungire maoda. Kope lija ndiye sitolo yake.

Kuulutsa kumadya bandulo kuposa mmene ambiri amaganizira. Kanema wooneka bwino amatumiza pafupifupi mamegabiti atatu pa sekondi, ndipo pa ola zimenezi zimapitirira gigabaiti imodzi. Agule bandulo yokwana magigabaiti awiri, atchaje foni ndi pawabanki, akonzenso nyale ya sola poti magetsi sapangana ndi munthu. Dzulo lake ayese kuulutsa kwa mphindi zitatu pamalo omwewo ndi ola lomwelo, atasankha kuti kanemayo aziona yekha. Nkhope ikamaoneka ya madontho kapena mawu akamadukaduka, netiweki pamenepo ndi yofooka, asamukire pafupi ndi zenera. Ayang'anenso manambala aja, chifukwa kamera yakutsogolo nthawi zina imatembenuza zolembedwa ngati galasi. Wailesi ikhale yozimitsa: nyimbo za eni zikamveka, Facebook ikhoza kutseka mawu a kanemayo.

Tsiku la laivu pamafunika anthu awiri. Wina aonetsa zovala, wina akhala pambali ndi foni yachiwiri ndi kope, kuwerenga ndemanga. Munthu mmodzi sangakwanitse zonse, ndipo amene amayesa amathera nthawi akusuzumira pa foni pamphuno pa kamera, oonera n'kumangoona chipumi.

Malamulo anenedwe poyamba ndipo abwerezedwe pakatha mphindi khumi zilizonse, popeza anthu amalowa ndi kutuluka. Wofuna dilesi alembe nambala yake, monga "17 yanga". Woyamba ndi amene ndemanga yake yaoneka koyamba pa foni ya wothandizira, osati pa foni ya wogula. Apa ndi pamene pamabuka mikangano yambiri. Zimene oonera akuona zimachedwa ndi masekondi angapo, kuchedwako kumasiyana malinga ndi netiweki ya aliyense, ndipo munthu akalemba ndemanga amaiona msanga pa foni yake anzake asanaione. Anthu awiri akhoza kulumbira kuti aliyense ndiye anayamba, onse akunena zoona. N'chifukwa chake wogulitsa akatchula mtengo awerenge chamumtima mpaka khumi asanaike dilesi pansi, kenako alengeze mokweza kuti, "Nambala 17 yapita kwa amayi awa, ndipo achemwali awo ali pamzere." Dzina lachiwiri lija lilembedwe ndithu.

Ndikuona kuti ndi kulakwitsa kupempha ogula kuti alembe manambala awo a foni mu ndemanga. Akathyali nawonso amaonera malaivu. Amatola nambala, n'kuimba ngati wothandizira wa wogulitsa, n'kupereka nambala yawo yolipirira. Wogulitsa ndiye aike nambala yake imodzi pamwamba pa ndemanga zonse, atchulenso dzina limene lidzaoneke munthu akamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba.

Kamera ikazima, ntchito ipitirire usiku womwewo mtima wa wogula usanazizire. Aliyense wolembedwa m'kope alandire uthenga wokhala ndi chithunzi cha dilesi, nambala yake, mtengo, ndalama yotumizira katundu, ndi malire olipirira, mwachitsanzo mawa 12 koloko masana. Nthawiyo ikadutsa, dilesi lipite kwa wachiwiri popanda kunyengerera. Pa WhatsApp Business pali zizindikiro zamitundu zimene zimathandiza kusiyanitsa amene akudikiridwa, amene alipira ndi amene katundu wawo wanyamuka. Chithunzi cha uthenga wa malipiro si umboni, chifukwa chimapekedwa mosavuta. Aone yekha ndalama zimene zili mu akaunti, pa *211# kapena *444#, asanapereke phukusi kwa wakabaza kapena kukalisiya ku ofesi ya otumiza katundu.

Pakatha masiku awiri, kope lija liwerengedwe. Tinene kuti mwa madilesi 30, anthu anafunsa 22 koma olipiridwa ndi 15. Asanu ndi atatu amene sanafunsidwe akunena za mtengo, saizi kapena kaonetsedwe. Ngati onse anali kumapeto, ndiye kuti oonera anali atatopa kapena mabandulo awo atatha, ndipo laivu yotsatira ifupikitsidwe. Asanu ndi awiri amene anafunsidwa osalipiridwa akunena za katsatidwe: mwina uthenga unachedwa, kapena mtengo wotumizira unawadzidzimutsa chifukwa sunatchulidwe pa laivu. Mayina amene abwereza kawiri kusungitsa osalipira aziyamba apereka kachikole.

Kanemayo asangomusiya pa tsamba. Kuyambira mu 2025, Facebook imafufuta makanema a laivu pakatha masiku 30, choncho amutsitse sabata yomweyo, adulemo tizidutswa ta madilesi otsala n'kutiika pa WhatsApp, manambala ake ali omwe aja.