Kukongola kwa nkhope sikuyezeka ndi nambala 1.618

Mu 2019 nyuzi zambiri zinalengeza kuti Bella Hadid ndiye mkazi wokongola kuposa onse, ati nkhope yake yakhoza 94.35 peresenti. Anapereka malikisiwo ndi Julian De Silva, dokotala wa ku London wochita maopaleshoni okongoletsa nkhope. Muyeso wake unali nambala 1.618, imene ena amaitcha ya golide. Imapezeka mukadula mzere pawiri mwakuti mzere wonse ukagawidwa ndi chidutswa chachikulu, yankho likhale lofanana ndi la chachikulucho chikagawidwa ndi chaching'ono. Masamuwo ndi oona, Euclid anawalemba kalekale. Bodza lili ponena kuti nkhope yokongola imawatsatira.

Mu 2010 Pamela Pallett, Stephen Link ndi Kang Lee anayesa nkhaniyi. Anatenga zithunzi za akazi n'kumasuntha maso ndi pakamwa pa kompyuta, osasintha maonekedwe a ziwalozo, kenako ophunzira ankasankha chokongola pa zithunzi ziwiriziwiri. Nkhope zinkakondedwa kwambiri mtunda wa pakati pa maso ukakhala 46 peresenti ya m'lifupi mwa nkhope, ndipo wochoka pa maso kufika pakamwa ukakhala 36 peresenti ya kutalika kwake.

Tiyerekeze nkhope ya masentimita 14 m'lifupi. Pa 46 peresenti, kuchoka pakati pa diso lina kufika pakati pa linzake ndi masentimita 6.4. Mukagawa 14 ndi 1.618 mupeza 8.7, maso otalikirana modabwitsa. Ndipo 46 ndi 36 zija si nambala zachilendo ayi: ndi mmene nkhope ya mkazi wamba imakhalira pakati pa akazi achizungu amene anayezedwa. Ochemerera 1.618 amaipeza chifukwa nkhope ili ndi malo ambirimbiri oyambira kuyeza. Ukasankha wekha poyambira ndi pothera, sulephera kupeza yankho ulifunalo.

Nanga kufanana kwa mbali ziwiri za nkhope? Apa pali choonadi, koma chochepa. Ofufuza atadula chithunzi pakati n'kulumikiza mbali imodzi ndi chithunzithunzi chake cha pagalasi, anthu ambiri anakonda nkhope yeniyeni, popeza mphuno yopendeka pang'ono imatuluka yotambalala kapena yopyapyala kwambiri. David Perrett ndi anzake mu 1999 anawongola mbali ziwirizo mosamala, ndipo nkhope zowongoledwazo zinakondedwako.

Chimene chimandiwawa ndi chikombole cha nkhope chimene dokotala wa ku California, Stephen Marquardt, anajambula potsatira 1.618 n'kunena kuti n'cha mitundu yonse. Mu 2008 Erik Holland anasonyeza kuti chimayenerera akazi achizungu otsatsa zovala, ndipo sichigwirizana bwino ndi nkhope za anthu akuda a mu Africa ndi a kum'mawa kwa Asia. Mtsikana wa mphuno yotambalala ndi milomo yodzaza akapatsidwa malikisi otsika ndi muyeso wotere, cholakwika chili pa muyesowo.