Mapaipi a madzi ozizira asanayambe ntchito

M'nyumba zazikulu monga mahotela ndi zipatala, mpweya wozizira umachokera ku madzi. Makina amaziziritsa madziwo kufika madigiri 6 kapena 7, n'kuwayendetsa m'mapaipi achitsulo obisika kudenga, ndipo amabwerera ali pafupifupi madigiri 12. Mapaipiwa asanatsegulidwe, kontirakitala amalemba chikalata cha ndondomeko ya ntchito, injiniya n'kuchivomereza. Chimanena mmene adzawayesere ndi mmene adzawatsukire, chiyani choyamba, chiyani chotsatira.

Kuyesa kumachitika mapaipi akadali pamtunda, asanakutidwe ndi zotetezera kuzizira, kuti diso lione paliponse pamene anawotcherera. Makina oziziritsa, mapampu ndi mavavu otulutsa presha amayamba atsekeredwa kunja. Kenako madzi amalowetsedwa pang'onopang'ono kuchokera pansi, pamwamba patatsegulidwa kuti mpweya uthawe. Apa m'pamene ambiri amapupuluma, ndipo ine zimandidetsa nkhawa. Mpweya wotsalira umapanikizika ngati sipuling'i: umabisa kudontha kwakung'ono, ndipo chinthu chikaphulika umachiponya mwamphamvu.

Tiyerekeze nyumba yotalika mamita 30, yomwe mapaipi ake pansi adzagwira ntchito pa 6 bar. Kawirikawiri amayesa pa presha yoposa ndi theka, ndiye kuti 9 bar, kwa maola awiri kapena monga chikalata chanenera. Geji yapansi ikaloza 9, yapadenga iloza pafupifupi 6, pakuti mamita 10 aliwonse a madzi amalemera pafupifupi 1 bar. Woyesa akapopa mpaka yapadenga ifike pa 9, pansi pafika 12, ndipo zolumikizira zina zingagonje. Singano ikatsika, osathamangira kudzudzula wowotcherera. Madzi akazizira madzulo presha imatsikanso, n'chifukwa chake amalemba kutentha pamodzi ndi presha. Woyendera amadutsa ndi tochi, akupaka kansalu kouma pamfundo iliyonse. Kakanyowa, amatsitsa presha yonse asanagwire sipanala.

Kutsuka ndi nkhani ina. Paipi yatsopano siyoyera: muli zinyenyeswa za kuwotcherera, mchenga, mafuta, mwina ndi chiguduli choiwalika. Zikafika m'timapaipi ting'onoting'ono ta m'zipinda, timatsekeka, chipinda n'kumatentha makina akulira bwinobwino. Choncho madzi amalambalalitsidwa, osadutsa m'makinawo, ndipo amathamangitsidwa kuposa liwiro la masiku onse, mita imodzi pa sekondi kapena kuposerapo malinga ndi kukula kwa paipi, nthambi imodzi pa nthawi. Masefa amatsegulidwa n'kutsukidwa mpaka atuluke opanda kanthu.

Madzi kuoneka oyera m'botolo sikokwanira. Amawayeza kuchuluka kwa chitsulo. Akamaliza kutsuka ndi mankhwala, amathira madzi atsopano okhala ndi mankhwala oletsa dzimbiri ndi opha tizilombo, osachedwa, chifukwa paipi yotsukidwa ikasiyidwa yonyowa yopanda madzi imachita dzimbiri m'masiku ochepa. Injiniya akasaina, m'pamene mavavu a makina amatsegulidwa.