Mizere yoyamba ya pa LinkedIn

Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 4, yemwe pano ali ndi dipuloma yowerengera chuma, anandionetsa tsamba lake la LinkedIn pa tchuthi chapitachi. Wakhala akusaka ntchito miyezi 8, koma palibe womuimbira.

Pa gawo la About analemba, m'Chingerezi, kuti ndi wolimbikira, wokhulupirika komanso wogwirizana ndi anzake. Ndinamufunsa kuti, "Kodi alipo angalembe kuti ndi waulesi?" Anangoseka. Mawu amene aliyense angadzinenere samuuza kanthu wolemba anthu ntchito.

Vuto lina ndi lakuti pa foni pamaoneka timizere toyamba tokha. Zotsalazo zimabisika mpaka munthu atadina kuti zitseguke, ndipo amene ali ndi mulu wa mayina sadikira. Luso la mtsikanayu linali m'ndime yachinayi, ngati mwana amene amaika mfundo kumapeto kwa chimangirizo, wochonga atatopa kale.

Tinatembenuza zonse. Poyamba tinaika ntchito yake: "Kwa zaka ziwiri ndasunga mabuku a ndalama a kopaletivu ya alimi 300." Kenako umboni: "Lipoti la pamwezi linkatenga masiku khumi, ine ndimalimaliza m'masiku atatu." Tinatchula Excel ndi QuickBooks, poti ofuna antchito amalemba mayina oterewa posaka anthu. Sage tinaichotsa. Anangoiona m'kalasi, ndipo akanagwidwa nayo pa intavyu.

Pomaliza ndinapatsa mphunzitsi mnzanga foniyo masekondi khumi. Atawerenga zakale anati, "Mwana wamakhalidwe." Atawerenga zatsopano anafunsa ngati angatithandize mabuku a banki mkhonde yathu.