Kumaliza Squid Game Mapeto a Sabata Osatopa

Gawo loyamba la Squid Game, sewero la ku South Korea la 2021, lili ndi zigawo 9, pafupifupi maola 8. Kuonera zonse usiku umodzi n'kudzizunza: maso amayabwa, mayina amasokonekera, ndipo poti mukuwerenga mawu apansi, mumatopa msanga.

Lachisanu madzulo onerani ziwiri zokha. Loweruka onerani zinayi, ziwiri masana, ziwiri mutadya nsima yamadzulo, kenako muimire pa chigawo chachisanu ndi chimodzi. Chimenecho n'cholemera mumtima, chimafuna kugona nacho. Mukapitiriza pompo, chotsatira chimazizira. Zitatu zotsalazo n'za Lamlungu, ndipo chachisanu ndi chitatu n'chachifupi. Mukayamba kubwezabweza kuti mumve zomwe zanenedwa, zimitsani, mwatopa.