Anthu 800 anakonda chithunzi, wogula anali mmodzi

Pansi pa chithunzi chilichonse chimene wamalonda waika pa tsamba lake la Facebook pamaoneka batani lolembedwa kuti “Boost post”. Ukalidina n'kulipira, chithunzicho chimasanduka chotsatsa malonda, ndipo chimafika ngakhale kwa anthu amene sadziwa n'komwe kuti tsambalo liliko. Amalonda ambiri a m'misika yathu amati kumeneku ndi kubusita. Kulipirako sikuvuta kwenikweni bola uli ndi khadi ya Visa kapena Mastercard. Povuta ndi pamene masiku atha, foni n'kukuyalira manambala, iwe osadziwa kuti wapindula kapena waponya ndalama m'madzi.

Tiyeni titsatire nkhani ya mayi wina wogulitsa zitenje mumsika wa Limbe. Nkhaniyi ndi chitsanzo ndipo manambala ake ndi ongoyerekezera, oikidwa m'makwacha kuti masamu asavute, ngakhale ambiri kuno amalipira m'madola kudzera kubanki. Koma mayina a pafoni ndi kawerengedwe kake ndi zenizeni.

Mayiyu amapeza phindu la K3,000 pa chitenje chilichonse, atachotsa mtengo woodera ndi thiransipoti. Tsiku lina atatsitsa katundu watsopano, anayala zitenje zisanu ndi chimodzi pabenchi, n'kujambula, n'kulemba pansi pake kuti “Zafika zatsopano, fulumirani.” Kenako anabusita ndi K20,000 kwa masiku asanu. Foni inamufunsa mafunso angapo, koma makasitomala anali atayamba kale kugwiragwira nsalu, choncho iye anangodina mofulumira. Pa malo anasiya dziko lonse la Malawi. Pa cholinga panali “Get more engagement”.

Foni sinagone sabata imeneyo. Timitima ndi tizala tinkangogwa, ena n'kumalemba kuti “Zokongola bwanji!” Pomaliza zotsatira zinati “Reach” ndi 9,000, “Post engagement” ndi 800, ndipo mtengo wa chotsatira chimodzi ndi K25 yokha. Mayiyo anaonetsa anzake a mabenchi oyandikana nawo, onse n'kuvomereza kuti watchuka. Koma Loweruka madzulo, potsegula kope la malonda, anapeza kuti mwa anthu onsewo amene anagula ndi mmodzi, chitenje chimodzi. K20,000 inabweza K3,000.

Amene anamasula mfundoyi ndi mwana wa achimwene ake, mtsikana amene amamuthandiza pabenchi akaweruka kukoleji. Anatenga foni, n'kulowa mu “Ad Center” ya tsambalo, n'kudina “View results”. Atayang'ana kanthawi anati, “Azakhali, Facebook sinakunamizeni ayi. Yakupatsani zomwe munaitanitsa.”

Mawu amenewa ndi oona, ndipo ndi pamene ambiri amagwera. Makina a kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, saonetsa chotsatsa kwa aliyense mwachisawawa. Amayang'ana cholinga chimene wolipira wasankha, n'kufunafuna anthu amene kawirikawiri amachita chinthu chimenecho. Ukapempha timitima ndi ndemanga, amakupezera anthu okonda kudina timitima, ndipo anthu otere ndi ambiri, n'chifukwa chake amatchipa. Sikuti iwowo ndi amene akufuna chitenje cha ku chinkhoswe mwezi uno. Ndiponso mawu oti “Results” satanthauza malonda. Amangowerenga chinthu chimodzi chomwe chija unasankha poyamba.

Mtsikanayo anayamba ndi nambala yaikulu ija. “Reach” ndi chiwerengero cha anthu amene chotsatsacho chinaonekera pafoni pawo ngakhale kamodzi, ndipo Meta yeniyeniyo imanena kuti nambalayi ndi yongoyerekeza. Ali ngati anthu odutsa pakanjira ka kutsogolo kwa benchi: wina waponyako diso, wina wadutsa akuyankhula ndi mnzake, koma onse awerengedwa. “Post engagement” nayo ndi thumba lophatikiza zambiri. Muli timitima, ndemanga, amene agawira anzawo, ngakhalenso amene angodina chithunzi kuti chikule n'kuchitseka. Chikanakhala kanema, aliyense woonera kwa masekondi atatu akanalowamo. Munthu mmodzi atha kuwerengedwa kangapo, ndiye 800 ija sinali ngakhale anthu 800.

Atatsikira m'munsi anapeza chigawo chosonyeza zaka za anthuwo, ngati ndi amuna kapena akazi, ndi komwe ali. Apa mayiyo anagwira pakamwa. Ambiri anali achinyamata osafika zaka 25, pafupifupi theka anali amuna, ndipo gulu lalikulu linali ku Lilongwe ndi kumpoto. Iye satumiza katundu pabasi. Makasitomala ake ndi amayi a ku Bangwe, Chigumula, Ndirande ndi Machinjiri amene amabwera okha kudzagwira nsalu ndi manja asanatulutse ndalama. Chigawo chimenechi ambiri sachifika chifukwa chili pansi, komatu ndi chimene chimaulula msanga ngati ndalama yasochera.

Asanabusitenso, mtsikanayo anamufunsa funso limene silipezeka pafoni: kodi zitenje zingati zigulidwe kuti K20,000 ibwerere? Anagawa 20,000 ndi 3,000, yankho n'kukhala zitenje zisanu ndi ziwiri. Mayiyo analemba 7 pamwamba pa tsamba latsopano la kope n'kuizunguliza. Kugawa ndi mtengo wogulitsira chitenje kukanamunamiza, chifukwa gawo lalikulu la mtengowo ndi mpamba woyenera kubwerera kokaoda.

Ulendo wachiwiri anasintha zinthu zitatu. Cholinga chinakhala “Get more messages”, mauthenga ake opita ku WhatsApp. Malo anaika Blantyre ndi madera ozungulira, anthu ake akazi a zaka 25 mpaka 55. Ndipo pansi pa chithunzi analemba mtengo wa chitenje ndi mbali ya msika imene benchi lake lili. Kulemba mtengo amalonda ambiri amakukana, poopa kuti anzawo atsitsa wawo kapena kuti kasitomala athawa. Komatu pamene ukulipira kuti anthu akulembere, munthu wongofunsa kuti “zingati?” n'kuzimiririka wakudyera ndalama. Kuli bwino athawe asanadine.

Zotsatira zinabwera zooneka zofooka. “Reach” inatsika kufika 4,000, timitima tinali tochepa, ndipo mtengo wa chotsatira chimodzi unakwera kuchoka pa K25 kufika pa K500. Mayiyo anakhumudwa poganiza kuti zinthu zadula kamakumi awiri. Koma mitengo iwiriyi siyerekezeka, chifukwa ikugula zinthu zosiyana. K25 ija inali ya kudina kamodzi. K500 ndi ya munthu amene watsegula WhatsApp n'kumulembera. Mzere wolembedwa “Messaging conversations started” unati 40, ndipo K20,000 ukaigawa kwa anthu 40 ndi K500 imeneyo. Makinawo amangochita masamu omwewo: ndalama zomwe zagwiritsidwa ntchito, kugawa ndi zotsatira.

Apa ndi pamene Facebook imalekera. Imaona kuti uthenga watumizidwa, koma siona ndalama imene yaperekedwa pamanja pabenchi, kapena yolowa pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Mbali yotsalayo ndi ya kope.

Mayiyo anajambula mizere itatu: amene alemba, amene acheza naye zenizeni, ndi amene agula. Mwa anthu 40 aja, 18 anangotumiza uthenga wokonzedweratu umene umadzilemba wokha munthu akadina batani, uja wa Chingerezi wopempha kudziwa zambiri, ndipo atayankhidwa sanayankhenso. Enawa amakhala kuti chala chinangogunda, ena bando yawathera. Otsala 22 anafunsa za mitundu, za kutalika kwa nsalu, ngati imasuluka ikachapidwa. Amene anagula anali 10, ndipo popeza ena anatenga ziwiriziwiri, zitenje zonse zinakwana 14. Phindu lake ndi K42,000. Kuchotsapo K20,000 ya kubusita, panatsala K22,000, ndipo 7 yozunguliza ija inapitiriridwa kawiri. Wogula aliyense anamudyera K2,000. Nambala imeneyi, imene sipezeka paliponse mu “Ad Center”, ndi imene mayiyo anayamba kuidalira.

Kopelo linaululanso kanthu kena kamene foni sikanakanena. Pafupifupi onse amene anagula ndi amene anayankhidwa nthawi yomweyo. Amene analemba cha m'ma 8 koloko usiku, mayiyo ali kukhitchini, n'kuyankhidwa m'mawa mwake, ambiri anali atazizira kale. Kuyambira pamenepo foni imagona pafupi masiku onse amene chotsatsa chikuyenda, ndipo zithunzi za mtundu uliwonse amakhala atajambuliratu kuti wofunsa asadikire.

Pali chenjezo loyenera kunenedwa apa. Anthu 40 ndi ochepa, ndipo sabata ya malipiro kumapeto kwa mwezi si yofanana ndi ya pakati pa mwezi. Mayiyo anasinthanso zinthu zitatu nthawi imodzi, choncho sangadziwe bwinobwino kuti chinathandiza kwambiri ndi chiti. Zimenezo sizinali zolakwika pokonza chotsatsa chimene chinali chitasocheratu, koma kuchokera apo n'kwanzeru kusintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, chithunzi chokha kapena malo okha. Si bwinonso kuweruza ndi manambala a tsiku loyamba. Chotsatsa chimayamba chaunikidwa kaye, zimene nthawi zambiri zimatha pasanathe maola 24, ndipo chikayamba kuyenda mtengo umakwera n'kutsika makinawo akufunafuna anthu oyenera.

Ulendo wachitatu unamuphunzitsa nambala yomaliza. Poona kuti zayenda, anabusitanso chithunzi chomwe chija kwa anthu omwe aja, kenako n'kuonjezera masiku. Mauthenga anayamba kuchepa ndipo mtengo wa uthenga umodzi unakwera kufika pa K900. Mtsikana uja anatsegula “Ads Manager”, kumene kuli manambala ambiri kuposa a patsamba, n'kumuonetsa “Impressions”, kutanthauza maulendo onse amene chotsatsa chaonekera pafoni, ngakhale kwa munthu yemweyo. Anali 16,800, pamene “Reach” inali 4,200. Ukagawa manambala awiriwa umapeza “Frequency”, ndipo apa inali 4: munthu aliyense anali ataona zitenje zomwezo pafupifupi kanayi. Amene ankazifuna anali atalemba kale, otsalawo ankangodutsa. Nambala imeneyi ikamakwera limodzi ndi mtengo wa uthenga, ndiye kuti chithunzi chatopa kapena gulu losankhidwalo ndi laling'ono.

Mayiyo anaimitsa chotsatsacho masiku ake asanathe, ndipo ndalama yotsalayo sinadulidwe, pakuti Meta imalipiritsa zokhazo zimene zagwira ntchito. Anadikira kuti katundu wina afike, n'kujambula zitenje zatsopano pabwalo m'mawa, dzuwa lisanawale kwambiri, kuti mitundu ioneke mmene ilili.

M'kope muja anaonjezeramo mzere wachinayi. Panali amayi ena amene ankafika pabenchi foni ili m'manja, n'kuloza chithunzi kuti akufuna chimenechi, chonsecho sanalembepo uthenga. Facebook siwawerenga anthu oterewa, ndipo ena amabwera patatha sabata chotsatsa chitaima. Tsopano kasitomala wachilendo akamalipira, mayiyo amafunsa akupinda chitenje, “Kodi amayi, mwatidziwira kuti?” Akati pa Facebook, amaika kachizindikiro mumzere umenewo, ndipo phindu lake amaliphatikiza ndi la a pa WhatsApp asanaganize zobusitanso.